Musanasayine, werengani chikalata chopita kwa majisitireti

Pafupi ndi khoti la paboma lililonse simulephera kupeza kasitolo kotayipira makalata. Mkatimo muli kompyuta imodzi, makina a fotokope, ndi mnyamata kapena mtsikana wa zala zofulumira, amene m'mawa umodzi amatha kutayipa kalata yofunsira ntchito, ndondomeko ya mwambo wa ukwati ndi chikalata chothetsera banja. Ntchito yawo ndi yothandiza kwambiri, chifukwa anthu ambiri opita kwa majisitireti alibe loya, ndipo zikalata za kukhoti zimalembedwa m'Chingelezi. Koma pali chimene wopita kumeneko ayenera kudziwa. Wotayipa kawirikawiri sayambira papepala loyera. Amatsegula chikalata cha munthu wina amene anabwera mwezi watha, n'kufufuta maina ndi masiku ake, n'kulowetsamo anu. Chilichonse chimene waiwala kufufuta chimasanduka chanu inu mukangosayina pansi.

Zolakwika zambiri za m'zikalata zotere zimabadwira pomwepo, ndipo n'chifukwa chake kuwerenga kotsiriza sikuyenera kukhala kongoona ngati nkhani ikumveka. Nkhaniyo mukuidziwa kale, ndipo maso a munthu wodziwa nkhani amawerenga chimene chili mumtima mwake m'malo mwa chimene chili papepala. Chofunika ndi kuwerenga ngati mlendo amene sanakuoneni n'kale lonse. Chikalatachi chidutsa m'manja mwa alendo otero: kalaliki wochilandira, munthu wokachipereka kwa amene mukumusumira, ndi majisitireti mwini. Kalaliki ayang'ana pamutu, wopereka ayang'ana maina ndi malo, majisitireti awerenga ndime ndi zimene mwapempha.

Titenge chikalata chimene chimafika kwambiri kwa majisitireti, chopempha kuti banja lithe. Tiyerekeze mayi wa ku Dedza, kwa Mfumu Yaikulu Kaphuka, amene ukwati wake unamangidwa mwachikhalidwe, pamaso pa ankhoswe, mu Ogasiti 2016. Ali ndi ana awiri, wina wobadwa mu 2017, wina mu 2020. Bambo wa anawo anachoka pakhomo mu Malichi 2023 kukagwira ntchito yaulonda ku Lilongwe, ndipo kuchokera pamenepo sanabwerenso kapena kutumiza thandizo. Ankhoswe ayesa mbali yawo, zakanika. Mayiyu watayipitsa chikalata cha masamba atatu, ndipo m'bale wake wodziwa Chingelezi wakhala naye pansi kuti amuwerengere. M'makhoti ena nkhani ngati iyi amaiyamba ndi chisamani chimene kalaliki amalemba atamva dandaulo pakamwa, koma zoyenera kuyang'ana ndi zomwezi.

Mutu wa chikalata

Mutu ndi mizere yochepa ya pamwamba, ndipo ukalembedwa bwino umaoneka motere:

```
REPUBLIC OF MALAWI
IN THE FIRST GRADE MAGISTRATE'S COURT
SITTING AT DEDZA
CIVIL CAUSE NO. ........ OF 2025

BETWEEN
A.B. .................... PETITIONER
AND
C.D. .................... RESPONDENT

PETITION FOR DISSOLUTION OF MARRIAGE
```

Mzere wa dzina la khoti ndi umene uyenera kuwerengedwa chilembo ndi chilembo. Majisitireti onse si amodzi. Alipo ophunzira zamalamulo mpaka kukhala ndi digiri, amene pa zikalata amalembedwa `Resident Magistrate`, ndipo ena mwa iwo ali ndi maudindo okwererapo mpaka kufika pa wamkulu wa chigawo, amene amakhala ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Palinso a magiredi, kuyambira giredi yoyamba kutsika. Lamulo loyendetsa makhoti linapatsa aliyense malire ake, makamaka pa kuchuluka kwa ndalama zimene angagamule. Choncho dzina limene lili pamutupo si chokometsera, likusonyeza amene mukumupempha kuti amve nkhani yanu. Musanatayipitse, pitani ku ofesi ya khoti mukafunse kalaliki mmene dzina la khotilo limalembedwera, mulikopere papepala, wotayipa aone pamenepo.

Pa chikalata cha mayi wathu, mzere wachiwiri unali `IN THE HIGH COURT OF MALAWI`, ndipo pansi pake panali `PRINCIPAL REGISTRY`. Amenewo ndi mawu a khoti lalikulu la ku Blantyre, otsalira kwa mwini chikalata choyamba. Cholakwikachi chili ndi phunziro lake. Chikalata choyambacho chinapita ku khoti lalikulu mwina chifukwa ukwati wake unali wolembetsa kwa bwanamkubwa, ndipo kwa zaka zambiri kagawidwe kakhala kakuti majisitireti amathetsa maukwati a mwachikhalidwe, pamene olembetsa kuboma amapita ku khoti lalikulu. Ukangoona mutu wa khoti lalikulu pa chikalata chako, dziwa kuti mkatimonso mukhoza kukhala ziganizo za ukwati wa mtundu wina. Mwa mayiyu zinalidi tero, monga tionere patsogolo. Amene ukwati wawo unadalitsidwa kutchalitchi kapena kumzikiti, kapena amene anangolowana n'kukhala limodzi zaka zambiri, afunse kaye kwa kalaliki kapena ku Legal Aid Bureau kuti nkhani yawo ndi ya khoti liti, asanawononge ndalama yotayipira.

Nambala ya mlandu musalembe nokha. Imaperekedwa ndi kalaliki mukalipira, ndipo imachokera m'kaundula wa khotilo, motero mpata wake uyenera kufika uli wopanda kanthu. Mukapezapo nambala yotayipa kale, ndi ya mlandu wa eni ake, ndipo mapepala anu akhoza kukathera mufayilo ya anthu osawadziwa. Chaka nacho chiyang'aneni, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, pamene zala za aliyense zikadali kulemba chaka chatha. Makhoti ena amalemba `MATRIMONIAL CAUSE` m'malo mwa `CIVIL CAUSE` pa nkhani za banja. Apanso tsatirani chimene khoti lanulo limachita. Chomaliza pamutu ndi dzina la chikalata. Ngati mukupempha kuti banja lithe, mzerewo unene zimenezo, usanene za kupatukana kwa kanthawi kapena za chithandizo cha ana chokha, chifukwa amenewo ndi mapempho osiyana.

Za kaonekedwe sizifuna mawu ambiri. Mizere ya khoti ikhale pakati pa tsamba ndi zilembo zazikulu, dzina la munthu kumanzere, udindo wake pamlandu kumanja, pamzere umodzi. Masamba akhale ndi manambala. Chofunika kukumbukira n'chakuti mutu womwewu uyenera kubwerezedwa osasintha ngakhale kadontho pa chikalata china chilichonse cha mlanduwu, monga chikalata cholumbirira chimene chimaperekezera pempho. Ikani mapepala awiriwo pambali ndi pambali, muyendetse chala mzere ndi mzere.

Ndani akusumira ndani

Pano m'pofunika kuchedwapo, chifukwa maina athu ali ndi zovuta zawozawo zimene mafomu ochokera kunja sanaziganizire. Mayi mmodzi amakhala ndi maina anayi. Pachitupa cha unzika pali dzina la bambo ake. Kutchalitchi ndi kubanki mkhonde amamudziwa ndi dzina la mwamuna wake. Kumudzi amamuitana ndi mfunda, Nangozo kapena Naphiri. Anzake amangoti make uje. Pa chikalata payenera kukhala dzina limodzi, ndipo lotetezeka ndi limene lili pachitupa cha unzika, lolembedwa monga lilili pamenepo, ngakhale mwini wake atamaona kuti olembetsa anaphonya chilembo. Chifukwa chake chimadzaoneka mlandu utatha. Chigamulo chimatuluka ndi dzina limene munalemba pamutu, ndipo tsiku limene mudzapite nacho kubanki, kuntchito kwa bambo wa ana kapena ku ofesi ina ya boma, adzachiyerekeza ndi chitupa. Zikasiyana, mudzauzidwa kuti mubwerere kukhoti.

Choncho chitupa chikhale patebulo pamene mukuwerenga, ndipo dzina lililonse muliwerenge motchula zilembo. Zilembo za l ndi r ndiye zimasokoneza kwambiri, poti pakamwa pathu zimamveka ngati chimodzi: Chirwa pamutu amasanduka Chilwa pa ndime yachitatu. H amasowa mwa Phiri ndi Mkandawire amalandira h wosakhala wake. Dzina lachiwiri limalembedwa pamalo ena n'kusowa pamalo ena. Onani ngati dzina lili chimodzimodzi pamutu, m'ndime yoyamba, pamalo osayina ndi pa chikalata cholumbirira. Ngati munthu amadziwikadi ndi maina awiri, mwachitsanzo dzina la pachitupa ndi lina la pakalata ya ukwati kapena pakhadi la kusikelo la ana, lembani onse kamodzi pachiyambi ndi mawu akuti `also known as`, kenako gwiritsani limodzi mpaka kumapeto. Maulemu akuti mayi, bambo, abusa kapena aphunzitsi asalowe m'malo mwa dzina loyamba.

Dzina la amene mukumusumira ndi lofunika koposa lanu, pakuti inu mudzakhalapo kukhoti kuti mudzikonzere, pamene iyeyo ayenera kupezedwa kaye. Khoti silingamve nkhani ya munthu amene sanadziwitsidwe, ndipo milandu yambiri imene imangoimitsidwa mwezi ndi mwezi imaima chifukwa chikalata sichinafike kwa mwini wake. Pa chikalata cha mayi wa ku Dedza, mwamunayo anamufotokoza kuti amakhala ku Lilongwe, n'kuikapo bokosi la kupositi la sukulu ya kumudzi kwawo. Bokosi la sukulu kapena la tchalitchi ndi lolandirira makalata, koma munthu sangagogode pamenepo. Ndipo Lilongwe ndi mzinda komanso ndi boma lonse, kuyambira ku Nathenje mpaka ku Namitete. Wopereka chikalata akufuna kudziwa kumene angaponde ndi mapazi.

Kwa munthu wa kumudzi, lembani mudzi, gulupu, mfumu yaikulu ndi boma, zonse zinayi, chifukwa midzi ya dzina limodzi ndi yambiri. Kwa wa mutauni, lembani dera, nambala ya nyumba ngati ilipo, chizindikiro chodziwika chapafupi monga msika, chigayo kapena sukulu, ndiponso kumene amagwira ntchito. Kwa mlonda ngati bambo uyu, malo a ntchito ndi odalirika kuposa nyumba ya lendi imene akhoza kusamukamo mwezi ukatha. Ndime yofotokoza munthu imanenanso kuti ndi wamkulu, ndi mwamuna kapena mkazi, ndi ntchito yake. Zimenezi zimathandiza kusiyanitsa bambo ndi mwana wake amene ali ndi dzina limodzi, zomwe m'mabanja athu si zachilendo.

Tsopano mawu awiri aja a pamutu. Wopempha ndi `Petitioner`, woyankha ndi `Respondent`, ndipo chikalata chonse chimagwiritsa mawu amenewa m'malo mwa maina. Apa ndi pamene pamabisala cholakwika choopsa kuposa zonse, chifukwa sichioneka ngati cholakwika. Ngati chikalata choyamba chija chinali cha mwamuna wodandaula za mkazi wake, ziganizo zake zinamangidwa moyang'ana mbali imeneyo, ndipo wotayipa ayenera kuzitembenuza chimodzichimodzi. Akaphonya chimodzi, chiganizocho chimakhalabe Chingelezi chabwinobwino koma chonena bodza. Ndime yachisanu ndi chiwiri ya mayi wathu inali yotere:

```
7. In March 2023 the Petitioner left the matrimonial
   home and he has not returned.
```

Wowerenga mothamanga aona mwezi wolondola, chaka cholondola, nkhani yothawa pakhomo yolondola, n'kupitirira. Koma monga chalembedwera, mayiyo akuvomera ndi siginecha yake kuti ndi iyeyo amene anathawa banja. Njira yogwirira cholakwika chotere ndi yophweka ngakhale ndi yotopetsa. Wowerengayo awerenge mokweza, ndipo paliponse pamene pali `Petitioner` anene kuti "inu", pamene pali `Respondent` atchule dzina la mwamunayo. Mayiyo akangomva kuti "mu Malichi 2023 inu munachoka pakhomo", saleka kudzidzimuka. Chimodzimodzi `he` ndi `she`. Ife timangoti "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, choncho khutu lathu silikhumudwa akasinthana, ndipo ngakhale odziwa Chingelezi bwino amawaphonya. Zungulizani aliyense ndi pensulo, mufunse kuti ameneyu ndi ndani.

Chikalata chisasinthenso katchulidwe pakati. Ngati chayamba ndi `Petitioner`, chisafike pakati n'kunena `Plaintiff` kapena `Applicant`, ndipo chisadumphe kuchoka pa kulankhula za wopempha ngati munthu wina kupita pa `I` ndi `my husband`. Kusintha kotere ndi chizindikiro chakuti ndimeyo inatengedwa m'chikalata china, ndipo ndime yoteroyo iwerengedwe kawiri. Ngati m'nkhani yanu mukutchula munthu wachitatu, monga amene mukuti anachita naye chigololo, musamuike pamutu musanafunse wodziwa malamulo, chifukwa aliyense amene ali pamutu ndi mbali ya mlandu ndipo ayenera kupatsidwa chikalata chake. Ana nawo saikidwa pamutu wa pempho lothetsa banja. Malo awo ndi m'ndime.

Ndondomeko ya ndime

Majisitireti amawerenga mafayilo ambiri patsiku, ndipo amawerenga ali ndi mafunso amene amabwera motsatana. Anthuwa ndi ndani? Pali ukwati woti n'kuthetsa, ndipo ndi wa mtundu wanji? Khoti lino lili ndi mphamvu pa nkhaniyi? Pali ana? Chinachitika n'chiyani? Akufuna kuti ndichite chiyani? Ndime zikayankha mafunsowa m'ndondomeko imeneyi, chikalata chimawerengeka mphindi zochepa. Munthu wopwetekedwa mtima amafuna kuyambira pa tsiku limene anapwetekedwa, ndipo m'pomveka, koma khoti silingayambe kumva za kutha kwa banja lisanauzidwe kuti banjalo linalipo.

Choncho zikatha ndime zofotokoza anthu awiriwo, yotsatira ikhale ya ukwati: tsiku kapena mwezi ndi chaka, mudzi, ndi mmene unamangidwira. Pa ukwati wa mwachikhalidwe, kutchula ankhoswe a mbali zonse ziwiri n'kofunika, chifukwa kwa Achewa ndi mitundu ina yambiri chinkhoswe ndicho umboni wakuti ukwati unalipo, monga mmene malowolo alili kumadera kumene amalowola. Ndi bwinonso kunena ngati unali wa chikamwini kapena wa chitengwa, poti zimenezi zimakhudza nkhani ya nyumba. Apa ndi pamene zotsalira za khoti lalikulu zija zinaonekeranso: ndime yachitatu ya mayiyu inkati ukwati unamangidwa ku ofesi ya boma ndipo kalata yake yaphatikizidwa. Kalata yoteroyo kunalibe, ndipo chiganizo chimenecho chokha chikanatha kupangitsa majisitireti kunena kuti nkhaniyi si ya khoti lake. Chaka nacho chisaphonyeke. Lamulo latsopano la maukwati ndi kutha kwa maukwati linabwera mu 2015, ndipo mbali zake zambiri zimagwira pa maukwati omangidwa lamulolo litayamba kugwira ntchito, motero 2016 wolembedwa molakwika kukhala 2010 akhoza kusintha lamulo limene khoti litsate.

Kenako pabwere kumene awiriwo akhala ali pabanja ndi kumene aliyense ali lero. Kenako ana, aliyense pamzere wake, dzina lonse ndi tsiku lobadwa, kuyambira wamkulu, ndiponso amene akukhala nawo panopa. Werengani ndi chala. Chikalata cha mayiyu chinkati `three children` koma pansi pake panali maina awiri. Masiku obadwa muwayerekeze ndi makhadi a kusikelo kapena zikalata za kubadwa, osati ndi mutu wanu, ndipo mwezi ulembedwe ndi mawu. Tsiku lolembedwa 03/04/2020 wina aliwerenga 3 Epulo, kompyuta yochunidwa mwa Chimereka iliona ngati 4 Malichi. Zaka za mwana zili ndi ntchito, chifukwa malamulo a dziko lino, kuchokera pamene anasinthidwa mu 2017, amati mwana ndi amene sanakwanitse zaka 18, ndipo kaleredwe ndi chithandizo zimayang'ana pamenepo.

Zikatha izi m'pamene pamabwera chimene chinaononga banja. Lamulo la 2015 limafuna kuti khoti likhutire kuti banjalo lasweka moti silingakonzekenso, ndipo zochitika monga nkhanza, chigololo kapena kuthawa pakhomo ndi zimene zimasonyeza kuswekako. Ndime iliyonse inyamule chinthu chimodzi, ndipo zitsatane monga zinachitikira, chakale patsogolo. Pali chifukwa chenicheni chochitira zimenezi. Woyankha amayankha ndime ndi ndime, kuvomera iyi, kukana iyo. Mukaunjika zinthu zinayi m'ndime imodzi, akhoza kukana yonse chifukwa cha kanthu kamodzi kamene munaphonya, ndipo zoona zitatu zija zimamira nawo. Poyesa ndondomeko, lembani masiku onse a m'chikalata papepala lina monga akubwerera. Akapanda kukwera bwinobwino kuchokera pa 2016 kufika pa 2025, pali ndime imene yakhala pamalo pa inzake kapena pali chaka cholakwika. Mawu onyoza achotseni. Kulemba kuti munthu ndi chidakwa chopanda nzeru sikuthandiza khoti, koma kulemba kuti kuyambira mwezi wakuti sanapereke ndalama ya chakudya kapena ya sukulu ndi chinthu chimene angavomere kapena kukana. Ndime yonena kuti ankhoswe anayesa kuyanjanitsa n'kulephera ibwere pambuyo pa zochitikazo, ndipo ya katundu amene munapeza limodzi itsatire.

Manambala a ndime ali ndi msampha wawo. Mayi uja atakumbukira kuti sanatchule za ankhoswe, wotayipa analowetsa ndime yatsopano pakati, manambala onse a pansi n'kusuntha ndi imodzi. Koma chiganizo china kumunsi chinkanenabe kuti `as stated in paragraph 6 above`, pamene nkhaniyo inali itasamukira pa 7. Kompyuta imasintha manambala a m'mbali yokha, koma a mkati mwa chiganizo siiwakhudza. Mukangowonjezera kapena kuchotsa ndime, werengani manambala kuyambira 1 mpaka kumapeto, muone ngati palibe wodumphidwa kapena wobwerezedwa, makamaka pamene tsamba likuthera, kenako tsatirani chiganizo chilichonse choloza ku ndime ina mukaone ngati chikufikadi pamalo pake. Zophatikiza, monga fotokope ya khadi la mwana, zikhale ndi chizindikiro chofanana ndi chimene chatchulidwa m'ndime.

Chomaliza ndi mapempho, amene amayamba ndi mawu ngati `The Petitioner therefore prays`, ndipo amalembedwa ndi zilembo (a), (b), (c). Anthu ambiri akafika apa amakhala atatopa, chonsecho apa ndiye pali chimene anabwerera. Khoti limagamula poyang'ana chimene chapemphedwa, ndipo ngakhale majisitireti ambiri amafunsa okha za ana, si nzeru kudalira kuti adzakukumbutsani. Chikalata cha mayiyu chinali ndi mapempho awiri okha: kuti banja lithe, ndi kuti mwamunayo alipire zimene zawonongedwa pa mlandu. Za amene alere ana, za chithandizo chawo ndi za kugawana katundu kunalibe, mwina poti mwini chikalata choyamba analibe ana. Chonsecho gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu wa onse awiri ndi chithandizo choyenera banja likatha.

Mayeso ake ndi oyenda mbali ziwiri. Pempho lililonse likhale ndi ndime pamwamba imene ikulichirikiza: ngati mukupempha gawo la njinga yamoto kapena la mbuzi, pakhale ndime yonena kuti zinthuzo zilipo ndipo zinapezeka liti. Ndipo ndime iliyonse yofunika ikhale ndi pempho lake pansi: ngati mwatchula ana, pakhale pempho la kaleredwe ndi la chithandizo. Ndalama zilembedwe m'manambala ndi m'mawu, ndipo ziwirizo zigwirizane. Ziro mmodzi wowonjezera amasandutsa K85,000 ya pamwezi kukhala K850,000, ndipo mlonda akaona chiwerengero chotero amabwera kukhoti atakonzekera nkhondo pa chinthu chimene inu simunapemphe. Ngati katundu ndi wa ndalama zambiri, kapena pali mkangano wa umwini wa malo, funsani ngati majisitireti wa giredi imeneyo ali ndi mphamvu yogamula, chifukwa nkhani zina zotere zimayenera kukwera ku khoti lalikulu.

Pansi pa mapempho pamabwera tsiku, malo osayina, dzina la wosayina, adiresi imene khoti lingamupezere, ndi dzina ndi malo a amene akukapatsidwa chikalata. Malo osayina asakhale okha patsamba lopanda mawu ena, chifukwa tsamba lotero likhoza kumatidwa ku chikalata chilichonse. Amene sadziwa kulemba amadinda chala, ndipo chikalata chake chiyenera kusonyeza kuti anamuwerengera ndi kumumasulira m'chilankhulo chimene amamva. Chikalata cholumbirira musasayiniretu kunyumba kapena kwa wotayipa. Chimasayinidwa pamaso pa wolumbiritsa, ndipo mawu ake ndi lumbiro, moti bodza lolembedwa mmenemo mwadala ndi mlandu pawokha.

Nthawi yokonza zolakwika ndi pamene pepala likadali m'manja mwanu. Pamenepo mtengo wake ndi wa kusindikizanso tsamba limodzi. Chikangodindidwa ndi khoti n'kuperekedwa kwa winayo, simungafufute ndi inki yoyera kapena kusintha tsamba mwakachetechete. Mumayenera kupempha kuti chikonzedwe, chokonzedwacho chikaperekedwenso, ndipo tsiku la mlandu likhoza kusuntha. Kwa mayi wochokera kwa Kaphuka, zimenezo ndi ndalama ina ya kabaza ndi tsiku lina losiya kumunda. N'zoona kuti majisitireti ambiri amamvetsa anthu opanda loya ndipo sathamangitsa munthu chifukwa cha chilembo chimodzi, koma khoti lolakwika, munthu wosapezeka ndi pempho losalembedwa ndi zinthu zimene chifundo cha majisitireti sichingakonze tsiku lomwelo.

Werengerani papepala losindikiza, osati pagalasi la kompyuta muli chiimire kumbuyo kwa wotayipa, anthu ena akudikira pamzere. Tulukani nalo, mukhale pansi ndi chitupa, makhadi a ana ndi munthu wina amene sanakhale nawo potayipa. Wotayipa akakonza, werenganinso tsamba lonselo, osati mzere wokonzedwa wokha, ndipo onetsetsani kuti mafotokope achokera ku pepala lokonzedwa, lakale lija mutaling'amba. Mufunika makope osachepera atatu: la khoti, la amene mukumusumira, ndi lanu. Lanulo kalaliki alidindenso ndi kulembapo nambala ya mlandu, ndipo mulisunge pamodzi ndi lisiti ya boma ya ndalama zimene mwalipira.